Fupa lathyoka ndipo pali bala: zochita kuyambira pakhomo mpaka fupa litakutidwa

Amene angoyamba kumene ntchito m'chipinda cha ngozi amandiimbira usiku ndi funso limodzimodzi: "Bala ndi laling'ono, fupa sililikuoneka, nditsuke ndisoke?" Ndayankha kambirimbiri, tsopano ndikulemba kamodzi kuti ndizingokulozerani pano. Ndilankhula kwambiri za fupa la msongolo, chifukwa ndi limene limavuta koposa. Kutsogolo kwake kulibe mnofu, khungu langogona pafupa penipeni.

Chofunika kugwira kuyambira pachiyambi ndi chakuti bala limene mukuona pakhungu si kukula kwa vuto. Mphamvu imene yathyola fupa yadutsanso m'minofu, yaiphwanya, yasenda kachikopa kokuta fupa, kenako fupa latuluka kunja, lakhudza dothi ndi nsalu n'kubwerera mkati. Pakhungu pangotsala kabowo. Mafinya amene adzatuluke pakatha milungu itatu amachokera ku zakufa zimene zasiyidwa mkatimo.

1. Wodwala kaye, mwendo pambuyo, ndipo bala lionedwe kamodzi

Njira ya mpweya, kupuma, kuyenda kwa magazi: izi mukuzidziwa ndipo sinditaya nthawi. Mwendo wopindika umakopa maso, ndipo anthu amaiwala mimba imene ikutaya magazi mwakachetechete. Ngati bala likuchucha, lipanikizeni ndi goze. Musalowetse fosepu kukagwira mtsempha umene simukuuona, mudzatsina mtsempha womvera umene uli pambali pake.

Bala lililonse limene lili pachigawo chimodzi ndi pamene pathyoka, liyeseni lolumikizana ndi fupa mpaka ku fiyeta atatsimikiza kuti ayi. Magazi akuda amene akungosefukira osaleka, okhala ndi timadontho ta mafuta pamwamba, ndi a m'fupa. Musalowetse chala kapena kachitsulo kuti muyese kuya kwake.

Chotsani ndi fosepu zinyalala zikuluzikulu zooneka, monga udzu, miyala ndi zidutswa za nsalu. Jambulani chithunzi wodwala atalola, kuti aliyense wobwera pambuyo aone chithunzicho m'malo motsegula bandeji. Ikani goze yonyowetsedwa ndi salaini, phimbani, wongolani mwendo ndipo muumange kuti usagwedere. Musathire madzi ndi sirinji m'kabowo muli m'chipinda cha ngozi. Kutero kumangokankhira dothi mkati, ndipo kumanamiza anthu kuti bala latsukidwa kale.

Lembani kugunda kwa mitsempha ya kuphazi, kutentha kwa zala, kumva kwa pamwamba ndi pansi pa phazi, ndiponso ngati zala zikugwedezeka. Lembani musanawongole, mulembenso mutawongola. Phazi likakhalabe lozizira ndi lotuwa mwendo utawongoka, imeneyo ndi nkhani ya fiyeta pompano, chifukwa mnofu wosowa magazi umayamba kufa pakapita maola atatu kapena anayi, ndipo pofika maola 6 mwendo umakhala pachiswe.

2. Antibayotiki mkati mwa ola limodzi

Ola limeneli limawerengedwa kuchokera pamene munthu wavulala, osati pamene walembedwa m'kaundula. Choncho wodwala akafika, ola lake nthawi zambiri latha kale kapena latsala pang'ono. Kanula ikangolowa, mankhwala alowe. Musadikire ekisileyi, musadikire zotsatira za magazi, musadikire dokotala wa mafupa, ndipo musadikire kudziwa giredi ya bala.

Kwa wamkulu, perekani sefazolini magalamu 2 kudzera mumtsempha, kenako maola 8 aliwonse. Mwana amalandira mamiligalamu 30 pa kilogalamu iliyonse. Bala likakhala lalikulu kapena lophwanyika, lokayikitsa kuti ndi giredi III, yoopsa koposa pa magiredi atatu a mabala otere, ambiri amawonjeza jentamisini mamiligalamu 5 pa kilogalamu kamodzi patsiku. Ena amapereka seftiriyakisoni magalamu 2 kamodzi patsiku m'malo mwa awiriwo. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi kwa munthu amene wataya magazi ambiri, wokalamba, kapena amene mwendo unapsinjidwa nthawi yaitali, chifukwa impso zake zili kale pamavuto ndipo jentamisini amaziwonjezera katundu. Bala la dothi la kumunda, ndowe kapena madzi a zonyansa limafuna kuwonjezera penisilini kapena metironidazolo, chifukwa cha tizilombo timene timakula mopanda mpweya ndi kuwoletsa mnofu. Amene thupi lake limadana kwambiri ndi penisilini mupatseni kilindamayisini. Ngati kumene mukugwira ntchito kuli ndondomeko yolembedwa, tsatirani imeneyo, koma nthawi yake isasinthe.

Cholakwa chofala ndi kulemba mankhwala pafayilo n'kuchoka. Kulemba si kupereka. Imani pomwepo mpaka alowe, ndipo mulembe ola ndi mphindi.

Funsaninso za katemera wa kafumbata. Ngati papita zaka zoposa 5 chilandirireni, mubayeni. Ngati sanalandirepo kapena sakudziwa, ndipo bala ndi lakuda, pamafunikanso imunogulobulini ya kafumbata.

Cholakwa china chili kumapeto: kupitiriza antibayotiki kwa milungu iwiri chifukwa bala likadali lotseguka. Mankhwalawa ndi oteteza. Alekeni pakatha maola 24 bala litatsekedwa, ndipo pa giredi III musapyole maola 72 ngakhale lisanatsekedwe, pokhapokha ngati pali matenda ooneka amene mukuchiza. Kupitiriza kumangopha tizilombo tofooka n'kusiya malo kwa tam'chipatala timene sitimva mankhwala. Kutenga thonje pabala musanadule zakufa kuti mukayeze tizilombo n'kopanda phindu. Timene timamera pamenepo kawirikawiri si timene timadzayambitsa mafinya.

3. Giredi ya pakhomo ilembedwe ndi pensulo

Magiredi amene tonse timagwiritsa ntchito ndi a Gustilo ndi Anderson a mu 1976, ndipo giredi III inagawidwa patatu mu 1984. Giredi I ndi bala losakwana sentimita imodzi, loyera, kawirikawiri fupa ndi limene labowola kuchokera mkati. Giredi II ndi bala la sentimita 1 mpaka 10 popanda kuphwanyika kwakukulu kwa minofu. Giredi III ndi kuvulala kwa mphamvu yaikulu. Mu IIIA minofu yawonongeka kwambiri koma yotsala ikukwanira kukuta fupa. Mu IIIB fupa lasendeka ndipo silingakutidwe popanda kusuntha mnofu kapena khungu kuchokera pena. Mu IIIC mtsempha waukulu wa magazi waduka ndipo ukufunika kulumikizidwa, bala likhale lalikulu kapena laling'ono.

Anthu amaloweza masentimita n'kuiwala zotsalazo. Fupa lothyoka pawiri n'kusiya chigawo pakati, bala la kumunda, chipolopolo cha mfuti yamphamvu, mwendo wopsinjidwa, zonsezi ndi giredi III ngakhale kabowo katakhala ka sentimita imodzi. Komanso kusiyana kwa IIIA ndi IIIB sikungadziwike zakufa zisanadulidwe, chifukwa funso lake ndi lakuti: zakufa zitachoka, zamoyo zotsala zikukuta fupa? Giredi yeniyeni imalembedwa ndi amene watuluka mu fiyeta. Ndipo madokotala awiri odziwa ntchito akhoza kusiyana pa bala limodzi, choncho musangolemba nambala. Fotokozani zimene mwaona, kuti khungu latayika lalikulu bwanji, mnofu uti wafa, fupa lasendeka utali wotani, dothi linali lamtundu wanji.

4. Nthawi yolowera ku fiyeta

Lamulo limene tinaphunzitsidwa, lakuti bala lilowe ku fiyeta mkati mwa maola 6 chivulalireni, linachokera ku zoyesa za dokotala wa ku Germany, Friedrich, pa mbira mu 1898. Lero sitiligwira monga kale. Malangizo a madokotala a mafupa ndi a maopaleshoni okonza khungu ndi minofu a ku Britain amati bala lodetsedwa kwambiri ndi za kumunda, za m'madzi kapena zonyansa, komanso mwendo wosowa magazi, zilowe nthawi yomweyo. Kuvulala kwina kwa mphamvu yaikulu kulowe mkati mwa maola 12, ndipo kwa mphamvu yochepa mkati mwa maola 24.

Izi sizikupereka chilolezo chozengereza. Zikutanthauza kuti opaleshoni yochitidwa bwino m'mawa, ndi munthu wodziwa, magetsi owala ndi zida zokwanira, imaposa yothamangira pakati pa usiku ndi munthu wotopa amene angotsuka pamwamba. Podikira, muziona mwendo pafupipafupi. Bala lotseguka silitsegula zipinda zonse za minofu, ndipo kutupa kotsekeredwa m'zipindazo, kumene kumatsekereza magazi mpaka mnofu kufa, kumachitikabe. Ululu wokulirakulira umene sukumva mankhwala, makamaka mukawongola zala, ndi chizindikiro chake choyamba. Musadikire kuti kugunda kwa mtsempha kuzime.

5. Kudula zakufa

Apa ndi pamene mabuku amangoti "tsukani bwino" n'kupitirira, pomwe apa ndi pamene mwendo umapulumukira kapena kutayikira. Amene amati dibirayidimenti, ambiri amamva ngati kutsuka. Ndi kudula. Madzi amabwera pomaliza.

Ndifotokoze ndi wodwala mmodzi. Mnyamata wa zaka za m'ma 20 anagundidwa ndi galimoto ali panjinga yamoto. Fupa la msongolo linathyoka pakatikati, ndipo kutsogolo chamkati kunali bala la masentimita 3. Pafayilo panalembedwa giredi II, ndipo amene anamulandira anali atakonza kale ulusi.

Wodwala atagonekedwa tulo, tinayamba ndi kusambitsa mwendo wonse ndi sopo kuchotsa dothi ndi mafuta a injini, kenako kupaka mankhwala ndi kufunda nsalu. Lamba wotsekera magazi tinamumanga pantchafu koma osamupopa. Ena amapopa kuti aone bwino, ndipo nthawi zina n'koyenera, koma ngati mwapopa, masulani musanaweruze mnofu, pakuti simungadziwe chimene chikutuluka magazi magazi atatsekedwa.

Choyamba ndi kukulitsa bala. Dzanja limakana, chifukwa zimaoneka ngati mukuwonjezera kuvulala, koma simungadule chimene simukuchiona. Kulitsani motsata utali wa mwendo, osati mopingasa, ndipo mutsate mizere imene timadula potsegula zipinda za minofu: mkati, sentimita imodzi kapena awiri kumbuyo kwa m'mphepete mwa fupa, ndipo kunja, pafupifupi masentimita 2 kuchokera pamsana wa fupa. Chifukwa chake n'chakuti kumbuyo kwa mzere wamkatiwo kumatulukira timitsempha timene timadyetsa khungu. Mukatidula lero, mwawononga khungu limene likanasunthidwa mawa kukakuta fupa. Musasendenso khungu kulisiyanitsa ndi chikopa cholimba cha pansi pake. Zinyamuleni pamodzi.

Kenako pitani mwadongosolo, kuchokera kunja kulowa mkati, chigawo ndi chigawo, mozungulira bala lonse. Mukamangodumphadumpha mudzasiya ngodya. M'mphepete mwa khungu chekani pang'ono, mamilimita ochepa, mpaka mutaona magazi ofiira. Khungu ndi losowa, musalitaye mwachisawawa, komabe limene lasendeka lonse, labuluwu, losatuluka magazi mukalicheka, ndi lakufa ngakhale likuoneka lalikulu ndi lothandiza. Mafuta a pansi pa khungu ophwanyika kapena akuda achoke onse, alibe magazi okwanira kudziteteza.

Pa mnofu ndi pamene muyenera kulimba mtima. Timayang'ana zinthu zinayi: mtundu, kulimba, kunjenjemera, ndi kutuluka magazi. Mnofu wamoyo ndi wofiira, wolimba, umakokana mukautsina ndi fosepu, ndipo umatuluka magazi mukaucheka. Wakufa ndi wotuwa kapena wofiirira moderako, umaphwanyika ngati nyama yophika kwambiri, ndipo umangokhala duu. Mtundu ndi umene umanamiza koposa, chifukwa magazi oundana pansi pa kachikopa kake amadetsa mnofu wamoyo. Chekani pang'ono muone mkati. Mnofu wakufa ndi chakudya cha tizilombo toopsa kwambiri, ndipo wotsala wamoyo umatha kugwira ntchito ya umene wachoka. Mukakayika pa mnofu, chotsani. Kwa mnyamata uja, titatsegula chipinda cha kutsogolo tinapeza mnofu wakufa wodzaza dzanja, pomwe kunja sikunkaoneka kalikonse.

Tsopano fupa. Tulutsani nsonga zonse ziwiri muzione ndi maso, ndipo muone ndi kumbuyo kwake. Ili ndi gawo limene limadumphidwa kawirikawiri. Nsonga yakumtunda ya mnyamata uja inali itabowola buluku ndi kukanda msewu. M'mphako ya fupa munali mchenga ndi ulusi wa nsalu, ndipo madzi okha sakanazitulutsa. Palani ndi kachitsulo kokokotera, ndipo nsonga yakuda muilume ndi chida chodulira mpaka mutaona timadontho ta magazi tikutuluka m'fupa.

Chidutswa chilichonse chigwireni ndi fosepu n'kuchikoka pang'ono. Chikabwera mosavuta, chopanda mnofu womatirira, ndi chakufa. Panali chidutswa cha masentimita 4 chimene chinatuluka chotero, ndipo wothandiza wanga anachiyang'ana mwachisoni, chifukwa chikanalowa bwinobwino pamalo pake ndi kukongoletsa ekisileyi. Tinachitaya. Mpata m'fupa uli ndi njira zoudzazira pambuyo pake, koma fupa lakufa losiyidwa mkati limasanduka nyumba ya mafinya kwa zaka. Chimene timayesetsa kusunga ndi chidutswa chachikulu chokhala ndi nkhope ya mfundo, monga cha pabondo kapena pakakolo, chifukwa chimenecho chilibe cholowa m'malo. Mitsempha ya magazi ndi yomvera imayeretsedwa n'kusungidwa.

Zonsezi zitatha, thirani madzi. Salaini wamba wofunda, wongoyenda yekha kuchokera m'thumba lopachikidwa, ndi wokwanira. Kafukufuku wamkulu wa mu 2015 wotchedwa FLOW anaonetsa kuti kuthira ndi mphamvu sikupambana kuthira pang'onopang'ono, ndipo amene anatsukidwa ndi madzi a sopo anabwerera ku fiyeta kambiri kuposa a salaini yekha. Mwambo wa malita 3 pa giredi I, malita 6 pa giredi II ndi malita 9 pa giredi III ndi poyambira chabe. Malita 9 pa mnofu wakufa amangoupanga kukhala mnofu wakufa wonyowa.

Titamaliza, bala la masentimita 3 linali bowo limene pansi pake panali fupa loyera mbee, lopanda kachikopa kake, utali wa masentimita 6, ndipo khungu silikanakumana. Giredi II ya pakhomo inasanduka IIIB. Akanasoka usiku uja, ulusi ukanagwira, ndipo bala likanaoneka bwino masiku awiri kapena atatu.

Ngati bala linali lakuda kwambiri kapena mwasiya minofu yokayikitsa, lembani tsiku ndi ola lobwereranso ku fiyeta, pakatha maola pafupifupi 48. Kusintha bandeji m'wodi sikulowa m'malo mwa ulendo wachiwiriwu.

6. Fupa ligwidwe

Fupa logwedera limapitiriza kucheka minofu ndi kudula timitsempha tatsopano. Funso limodzi ndi limene limasankha chida: kodi fupa likutidwa lero? Ngati bala layera ndipo mutseka pa opaleshoni yomweyi, msomali wa m'fupa kapena puleti n'zotheka. Sinthani magolovesi, nsalu ndi zida musanaziike. Ngati simukuta lero, ikani zitsulo zakunja, fikiseta. Zikhomo zake zikhale kutali ndi bala, ndipo zisadutse m'mnofu kapena khungu limene mudzasunthe. Chitsulo chamkati chosiyidwa poyera masiku angapo chimamera tizilombo timene antibayotiki satifikira. Chikhakha chozungulira mwendo wonse chimabisa bala ndi kutupa, ndipo ngati palibe china, chikhale chakumbuyo kokha.

7. Kukuta fupa mkati mwa maola 72

Ndibwerere ku funso loyamba lija. Kusoka n'kololedwa ngati zakufa zonse zachoka ndipo mukutsimikiza, bala silinali la kumunda kapena zonyansa, ndipo khungu likukumana popanda kulikoka. M'mphepete mukayera poumanga ulusi, masulani. Khungu la pamsongolo lokokedwa limafa, ndipo pakatha masiku asanu mumakhala ndi bowo lalikulu kuposa loyamba.

Ngati silikukumana, fupa likutidwe ndi mnofu kapena khungu lokhala ndi magazi ake, chimene timati fulapu, mkati mwa maola 72. Dokotala wina wa maopaleshoni, Godina, mu 1986 anaonetsa kuti mafulapu ochitidwa m'masiku atatu oyamba ankafa ndi kugwira matenda mochepa kwambiri poyerekeza ndi ochedwa. Fupa losendeka limauma ndi kufa pamwamba, tizilombo ta m'wodi timalowa, ndipo mitsempha yozungulira imauma ndi kuvuta kusoka. Girafuti, kachikopa kopyapyala kosendedwa pantchafu, kamamera pa mnofu wamoyo koma sikamera pa fupa losendeka kapena pa chitsulo.

Msongolo timaugawa patatu. Chigawo cha kufupi ndi bondo chimakutidwa ndi theka lamkati la gasitirokinemiyasi, mnofu wapamwamba wa katumba. Chapakati chimakutidwa ndi soliyasi, umene uli pansi pake. Chakumunsi ndi chovuta, pakuti kulibe mnofu wofikako, ndipo chimafuna fulapu ya khungu yotembenuzidwa kuchokera kumbuyo kwa mwendo, kapena mnofu wotengedwa kutali n'kulumikizidwa mitsempha pansi pa maikulosikopu. Musanakhulupirire mnofu wapafupi, uoneni, chifukwa ukhoza kukhala kuti nawonso unaphwanyika pangozi yomweyo.

Makina oyamwa bala amasunga bala laukhondo podikira, koma sawonjezera masiku. Ndaona mabala atakhala pamakina milungu iwiri, kuyembekezera kuti mnofu wofiira umere pafupa, fupa likufa pansi pake. Ngati kumene muli kulibe wodziwa fulapu, foni yotumiza wodwala iimbidwe tsiku la opaleshoni yoyamba, chithunzi ndi zimene mwapeza zili m'manja.

Mnyamata uja tinamuika fikiseta tsiku loyamba. Pa ulendo wachiwiri, patatha maola 48, tinachotsanso mnofu pang'ono kutsogolo, tinapeza soliyasi ali wamoyo, tinamasula theka lake lamkati n'kuligoneka pafupa, ndi kuika girafuti pamwamba. Mpata wa chidutswa chija tinaudzaza kaye ndi simenti yokhala ndi antibayotiki, ndipo patatha milungu 6, khungu litapola ndipo palibe chotuluka, tinachotsa simentiyo n'kuikapo fupa lotengedwa pachiuno chake.